Lipoti la ntchito: kuchotsa mabanga a oyilo wa injini pa konkire ya m'galaja

Ntchito yanga ndi yokonza pansi ndi kupenta nyumba, makamaka nyumba za lendi pamene wina watuluka ndipo wina akudikira kulowa. Lipoti ili ndi la galaja ya nyumba ina ku Lilongwe, imene tinaigwira mu Seputembala, nyengo youma ndi yamphepo. Galajayo ndi ya mamita 6 m'litali ndi 3 m'lifupi, yofolera ndi malata, ya chitseko chimodzi chachikulu ndi kawindo kumbuyo. Pansi pake ndi konkire yosalazidwa ndi mpeni wa omanga, yosapakidwa penti kapena polishi. Amene ankakhalamo anali ndi galimoto yakale ya dizilo, ndipo inkadontha oyilo pa shanga yotsekera sampu, chosungiramo oyilo cha pansi pa injini, kwa zaka pafupifupi 2. Mayi eni nyumba ankafuna kudziwa ngati pansipo pangayere, komanso ngati pangagwire penti. Tinagwiritsa ntchito zinthu ziwiri zokha, ufa woyamwa ndi sopo, ndipo ndalemba mwatsatanetsatane chifukwa anthu ambiri zinthuzi ali nazo kale, chimene chimawalaka ndi kudziwa choyamba n'chiti, chotsatira n'chiti.

Zimene tinapeza

Mabanga anali atatu, ndipo lililonse linali ndi mbiri yake. Loyamba linali lakale, pamalo pamene pankaima injini, lakuda bii, lalikulu masentimita 70 ndi 50. Pakati pake panali chikhakha cha oyilo wosakanikirana ndi fumbi, cholimba moti chinkapalika ndi chitsulo. Mng'alu waung'ono unadutsa m'mbali mwake. Lachiwiri linali latsopano, la masiku 2 okha: posamuka, wina anagubuduza beseni limene munali oyilo wakale, ndipo panatayika pafupifupi lita imodzi pafupi ndi khoma. Linali lidakali lonyowa, likunyezimira. Lachitatu silinali banga kwenikweni koma chithunzithunzi chotuwa chozungulira banga lakale lija, chotambalala kupitirira mita imodzi, cholozera ku chitseko. Mnyamata wosamala pakhomopo anatiuza kuti miyezi ingapo m'mbuyomo anathirapo palafini, n'kukwecha, kenako n'kutsegulira madzi a pa paipi. Anachita zimene aliyense akanaganiza, ndipo sindinamudzudzule. Koma palafini amasungunula oyilo n'kumusandutsa wopyapyala, ndiye amayenda msanga n'kulowa pamene sakanafika. Madzi aja anangomukankhira kutsogolo.

Tisanakhudze chilichonse ndinayesa pansipo ndi madzi, ndipo kuyesa kumeneku ndiye muyeso wa ntchito yonse. Mumadontheza madzi okwana supuni yaing'ono pamalo oyera kutali ndi banga, kenako pa bangalo, n'kuyang'ana. Pamalo oyera pa galajayi madzi ankafalikira, konkire n'kuderako, ndipo isanathe mphindi imodzi anali atalowa. Pa banga lakale madzi anangokhala ngati kampira, osalowa ngakhale patapita mphindi 10. Pa chithunzithunzi cha palafini anafalikira pang'ono koma analowa mochedwa kwambiri. Maso amanyenga pa ntchito imeneyi, chifukwa pansi pakhoza kuoneka poyera oyilo alipo, ndiponso pakhoza kuoneka pakuda oyilo atachoka. Dontho la madzi ndi limene limanena zoona, ndipo penti amatsatira zimene madzi anena: pamene madzi akana kulowa, penti adzasupuka.

Ndinafunanso kudziwa kuti oyilo analowa mpaka pati. M'mphepete mwa mng'alu uja ndinabenthula kachidutswa ndi tchizulo. Kuda kunalowa pafupifupi mamilimita 3, pansi pake konkire inali yotuwa bwino. Mu mng'alu weniweniwo kunapitirira pamene tchizulo inalekeza. Ndinawauza mayiwo pomwepo kuti banga latsopano lichoka, chithunzithunzi chichoka, koma lakalelo lisiya chizindikiro. Iwo anati, "Achimwene, bola pasamaterere ndipo pasamanunkhe, za maonekedwe tikambirana pambuyo."

Chifukwa chake kukolopa sikuthandiza

Konkire imaoneka yolimba ngati yotseka, koma ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, totsala pamene madzi osakanizira simenti anauma. Oyilo akagwerapo timabowoto timamukoka pang'onopang'ono, ndipo akamadontha ali wotentha kuchokera mu injini amakhala wopepuka, amalowa msanga. Burashi imangofika pamwamba. Zimene zili m'kati mamilimita 2 kapena 3 simungazikweche, muyenera kuzikoka kuti zituluke, ndipo chimene chimakoka ndi chinthu chouma cha timabowo tochuluka chimene chagona pamwamba pake. Ndiye ntchito ya ufa. Sopo ntchito yake ndi ina. Oyilo wa injini sasakanikirana ndi madzi, koma sopo waufa ali ndi mankhwala amene mbali imodzi amagwira mafuta, mbali ina amagwira madzi, ndiye amamwaza oyilo kukhala timadontho ting'onoting'ono toyandama m'madzi. Timadonthoto tikapangika tiyenera kukhala ndi kopita. Mukatisiya pomwepo, madzi akauma tibwerera mu konkire. Mukatithamangitsa ndi paipi, tikakhala pena.

Mu oyilo wogwira kale ntchito mulinso mwaye, makamaka wa injini ya dizilo, ndipo ndi umene umamudetsa. Mwaye susungunuka m'madzi, mu sopo, kapena mu palafini. Wina umatuluka pamodzi ndi oyilo, wina umakanirira m'timabowo. N'chifukwa chake banga lakale limasiya chithunzithunzi ngakhale oyilo atatha.

Ufa umene tinasankha

Tinagwiritsa ntchito mitundu iwiri. Utuchi wouma wa kwa akalipentala ndi wabwino potola oyilo amene akuyandama pamwamba, ndi wotsika mtengo, koma ndi wokhakhala, sugona bwino pa konkire, ndiye sukoka za m'kati. Pokoka za m'kati tinatenga laimu wa kumunda, uja wa miyala yopera amene alimi amathira m'nthaka. Tinamusefa ndi sefa ya ufa kuti titaye timiyala. Ndimamukonda pa zifukwa zitatu: sawotcha manja, sagwirana n'kukhala mwala akanyowa, ndipo ndi woyera, choncho oyilo akalowamo amaonekera. Musamusokoneze ndi laimu wopaka makoma, amene amadya khungu ndipo ndi woopsa akalowa m'maso. Ufa wa choko umagwira chimodzimodzi. Dothi lija logulitsidwa m'masitolo akuluakulu lothira m'mabokosi a amphaka limayamwa kuposa zonsezi ngati mwalisinja, koma mtengo wake ndi wokwera. Phulusa la nkhuni losefa limathandizanso, kungoti mtundu wake umabisa oyilo, simuona bwino ngati likukoka.

Amakanika ambiri amathira simenti youma, ndipo n'zoona imayamwa bwino. Vuto lake ndi loti ikakumana ndi madzi imagwira, ndiye mukaiwala kusesa bwino musanathire sopo mupeza chigamba chokhakhala chimene chatsekera oyilo pansi pake. Dothi lofiira nalo limasiya mtundu wake pa konkire. Mchenga ndiye suyamwa n'komwe, umangokutidwa ndi oyilo kunja kwake.

Banga latsopano

Tinayamba ndi ili chifukwa ola lililonse limene likhala limalowerera. Lamulo lake ndi limodzi: madzi asafikepo mpaka ufa utatha ntchito yake. Tinazunguliza utuchi m'mbali mwa bangalo kaye, kuti likamakankhidwa lisafalikire, kenako tinakwirira pakati. Patapita theka la ola utuchi unali utada, ndipo tinauwola ndi fosholo kuchokera kunja kupita m'kati. Osapukuta ndi chiguduli, chifukwa kupukuta kumapaka oyilo pamalo oyera. Tinabwerezanso ndi utuchi wina mpaka pansi panasiya kunyezimira.

Apa ndi pamene laimu analowa. Tinamuthira wokhuthala pafupifupi sentimita imodzi, kupitirira m'mphepete mwa banga ndi masentimita 5, ndipo tinamupera ndi njerwa yosalala, kuyendetsa mozungulira ndi mphamvu. Kupera kumeneku anthu amakudumpha, komatu ndi kumene kumachititsa kuti ufa ulowe m'tizigwa ta konkire n'kukhudzana ndi oyilo. Ufa wongowazidwa pamwamba umakoka pang'ono. Mukamapera mumamva njerwa ikulemera, ufa ukusanduka timibulu totuwa tomata. Timibulu timeneto tinatisesa, n'kuthira ufa wina, n'kusiya usiku wonse. M'mawa, titapala, mbali ya pansi ya ufawo inali yachikasu chodera, ya pamwamba yoyera. Tinathiranso wina n'kusiya tsiku lina. Ulendo umenewu unatuluka woyera, kutanthauza kuti ufa wouma wafika polekezera, yatsala ndi ntchito ya sopo.

Nthawi yomweyo tinapala chikhakha cha pa banga lakale ndi chitsulo chopalira penti, n'kuperaponso laimu. Pamenepo ufa wouma unatola zochepa, monga mmene zimakhalira ndi oyilo amene wakhalitsa n'kulimba.

Kutsuka ndi sopo

Tinasungunula kapu imodzi ya sopo waufa wochapira zovala m'malita 2 a madzi otentha, ongotsika kumene pamoto. Ndi sopo wambiri kuposa wochapira, ndipo n'dala. Madzi otentha amafewetsa oyilo kuti asunthe. Sopo wamtanda sagwira bwino ntchito imeneyi, makamaka ndi madzi a pa mjigo, chifukwa amapanga chithovu chomata chimene chimakanirira pansi. Sopo wamadzi wotsukira mbale amagwira, kungoti amachita thovu lambiri lovuta kutola.

Tisanathire, tinamanga kakhoma ka utuchi kuzungulira malo onse kuti madzi asapite ku chitseko. Tinathira pang'onopang'ono, kungonyowetsa, n'kukwecha ndi burashi yolimba ya nayiloni kuchokera m'mbali kupita pakati. Burashi ya waya sindiilola pa konkire yosalala: imakanda pamwamba, ndiye malowo amayamba kugwira litsiro msanga, ndiponso imasiya tizitsulo timene timachita dzimbiri. Titakwecha tinasiya mphindi 15 mpaka 20, tikuwaza timadzi totentha pamene pakufuna kuuma. Ndi mphepo ya Seputembala m'mbali mumauma msanga, ndipo sopo akaumira pansi ndiye kuti oyilo amene anadzuka wagonanso. Tinakwechanso kachiwiri. Thovu linasanduka lotuwa, pena lakuda.

Chimene chimasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongosuntha banga ndi chimene muchita ndi madzi akudawa. Ife sitinatsukuluze. Tinathirapo utuchi wouma, unamwa madzi onse pamodzi ndi oyilo, tinawola n'kuika m'thumba. Kenako tinathira madzi oyera otentha pang'ono, kukwecha mopepuka, n'kutolanso ndi utuchi. Tinatero kawiri, mpaka pansi panasiya kuterera ndi sopo. Sopo wotsalira amasiya zoyera pansi pakauma, ndipo amasokoneza kuyesa kwa madzi kuja, chifukwa amachititsa dontho kufalikira ngakhale pamene oyilo alipo. Choncho kutsukuluza bwino si za maonekedwe okha.

Tinasiya pansi kuti paume tsiku lathunthu, chitseko chili chotsegula. Konkire yonyowa imada paliponse, ndiye simungaweruze kanthu isanaume. Itauma, banga latsopano linali litatsala kachithunzi kochepa, ndipo titabwereza kutsuka kamodzi linatheratu, dontho la madzi likulowa ngati pamalo oyera. Chithunzithunzi cha palafini chinazilala kwambiri koma madzi ankachedwabe. Banga lakale linaoneka lotuwa pamene tinkachoka madzulo, koma m'mawa linali litadanso pakati. Mayi eni nyumba ataona anakhumudwa, n'kufunsa ngati usiku kunalowa galimoto. Sikunalowe kanthu. Tinali titayeretsa pamwamba, ndipo oyilo wa pansi anakokeka n'kukwera m'timabowo ta pamwambapo timene tinatsala topanda kanthu. Kubwerera kumeneku si kulephera ayi. Kumasonyeza kuti oyilo akadali wokhoza kuyenda, ndipo woyenda ndi amene angakokedwe.

Phala la laimu ndi sopo

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni ya banga lakale. Mmalo mothira ufa payekha ndi sopo payekha, mumaziphatikiza kukhala phala, n'kulimata pa banga. Likadali lonyowa, madzi a sopo amatsikira mu konkire n'kumasula oyilo. Likayamba kuuma, madziwo amakwera kubwerera mu phala kuti akauluke pamwamba, ndipo amakwera atanyamula oyilo. Madzi amapita mumphepo, oyilo amatsala mu ufa. Tsono magawo onse awiri ndi ofunika, kunyowa ndi kuuma, ndipo lililonse lili ndi nthawi yake.

Muyeso umene tinagwiritsa ntchito ndi zitini 4 za laimu wosefa ku chitini chimodzi cha sopo waufa, chitini chake cha lita imodzi. Tinasungunula sopo kaye m'madzi otentha okwana lita imodzi ndi theka, kenako n'kumathira laimu tikutakasa, ndi kuwonjezera timadzi mpaka linakhuthala ngati chiponde, loti mukalitapa ndi mpeni wa omanga silikuyenderera. Likachepa madzi silinyowetsa konkire. Likachuluka madzi limayenderera n'kunyamula oyilo kupita naye m'mbali, ndipo mumapeza mzere wakuda wozungulira pamene phala linathera. Muyeso umenewu unatipatsa phala lokwana pafupifupi malita 4, lokwanira malo a masentimita 80 ndi 60 pa kukhuthala kwa mamilimita 8. Malowo ndi aakulu kuposa banga ndi masentimita 5 mbali zonse, ndipo n'kofunika kutero, chifukwa m'kati mwa konkire oyilo amatambalala kupitirira pamene maso akuona.

Tisanamate tinanyowetsa pang'ono konkire yoyera yozungulira banga ndi madzi wamba. Timabowo todzaza kale madzi sitikoka oyilo, ndiye banga silikula. Tinamata phala ndi mpeni wa omanga, tikusindikiza kuti pasatsale mpweya pansi, kenako tinafunditsa pepala la pulasitiki, n'kupsinja m'mbali ndi njerwa. Pulasitiki inakhala maola 24. Popanda iyo, ndi mphepo ya nyengo imeneyo, phala likanauma pamwamba pa maola ochepa madzi a sopo asanatsike n'komwe. Kenako tinachotsa pulasitiki n'kusiya phala liume palokha. Linatenga masiku 2. M'nyengo ya mvula limatha kutenga kuwirikiza, ndipo palibe chochitira mwina koma kudikira.

Kupupuluma ndi kumene kumawononga gawo limeneli. Pamwamba pamaoneka pouma tsiku loyamba lomwe, koma mukabaya ndi msomali mupeza pansi pali matope. Mukalichotsa lili choncho, madzi onyamula oyilo akadali m'njira, ndipo atsala mu konkire. Louma bwino limang'aluka, m'mbali limatukuka, mukagogoda limalira mopepuka, ndipo limachoka m'zibenthu popanda kulimbana nalo. Kuliumitsa ndi moto kapena mbaula n'kulakwa kawiri: limauma kunja kokha, komanso mwabweretsa moto pamalo a mafuta.

Titatembenuza zibenthu za ulendo woyamba, kunsi kwake kunali kwakuda moderako, ndipo m'mbali mwa chibenthu munkaoneka kuti kudako kwakwera pafupifupi theka la kukhuthala kwake. Mawonekedwe a banga lonse anadindika pamenepo, ndi mzere wakuda kwambiri pamene panali mng'alu. Ndinanunkhiza chibenthu chimodzi, fungo la oyilo wa dizilo linali lomveka. Tinasesa, kutsukuluza ndi timadzi totentha, kutola ndi utuchi, n'kusiya paume tisanayese. Chithunzithunzi cha palafini, chimene tinachimata phala lopyapyalako nthawi yomweyo, chinatha ndi ulendo umodzi umenewu, chifukwa oyilo wake anali wochepa ngakhale anatambalala.

Pa banga lakale tinabwereza. Ulendo wachiwiri kunsi kwa phala kunali kwa bulauni, wachitatu kwachikasu chozilala, ndipo malo odetsedwa ankachepa kulowera pakati. Wachinayi phala linatuluka loyera, kupatula kamzere ka pa mng'alu. Pamenepo tinaleka. Phala likatuluka loyera ndiye kuti oyilo amene sopo angamufikire watha, ndipo kumatanso ndi kungotaya sopo ndi ndalama za eni ake.

Zotsatira ndi malire ake

Titasiya pansi kuuma masiku 3, tinayesa ndi madzi m'malo osiyanasiyana. Pamene panali banga latsopano ndi pa chithunzithunzi, madzi analowa mofanana ndi pamalo oyera. Pa banga lakale analowa mochedwerapo pang'ono koma analowa, kupatula malo aakulu ngati chikhatho pakati penipeni, pamene dontho la oyilo linkagwera tsiku ndi tsiku, ndi m'mbali mwa mng'alu. Pamenepo dontho la madzi linkakhalabe mphindi zingapo. Mtundu wa banga lonse unachoka pa bii kufika pa kutuwa koderako, kooneka mukaima pakhomo. Umenewo ndi mwaye, ndipo ufa ndi sopo sizingauchotse. Kuterera kunatha, fungo linatha, ndipo pepala loyera lopsinjidwa ndi njerwa pamenepo usiku wonse silinachite banga la mafuta, kupatula kadontho pa mng'alu.

Mnyamata uja anafunsa ngati asidi wa batire kapena jiki sangamalize chotsalacho. Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri. Asidi amadya simenti, osati oyilo. Pamene pali oyilo sagwira, ndiye amadya malo oyera ozungulira n'kusiya banga lili pomwepo pakati pa konkire yokumbika. Jiki amapha tizilombo ndi kuyeretsa zovala, koma sasungunula mafuta ndipo mwaye sauyeretsa. Petulo ndiye ndimakaniratu: m'chipinda chotseka mpweya wake umakhala pansi, ndipo kamoto kochepa, ngakhale ka swichi ya magetsi, n'kokwanira kuyatsa nyumba.

Pa nkhani ya penti ndinawauza mayiwo mosabisa. Pansi ponse pakanagwira penti kupatula pakati paja ndi pa mng'alu. Kuti pamenepo pagwire, pankafunika kupera pamwamba ndi galainda mamilimita 2 kapena 3, kukulitsa mng'alu mpaka pofika konkire yoyera, n'kudzaza ndi matope atsopano a simenti, kenako kudikira kuti aume bwino asanapake. Kupenta osachita zimenezi ndi kutaya penti, chifukwa matayala otentha akamaima pamenepo penti amamatirira ku tayala n'kusupuka. Iwo anawerengera mtengo n'kusankha kusiya konkire yosapenta, ndipo ndikuona kuti pa nyumba ya lendi anasankha bwino.

Pali pansi pena pamene njira imeneyi imafuna kusintha. Ngati papakidwa polishi, polishiyo ayenera kuchoka kaye ndi madzi otentha a sopo, apo ayi phala silikhudza konkire. Ngati papentedwa, phala la sopo wambiri likhoza kufewetsa penti kapena kumuzilalitsa, ndiye yesani pakona kaye. Konkire yokhakhala, yosalazidwa ndi thabwa lokha, kapena imene inachepa simenti moti imafumbutuka mukaikanda ndi msomali, imamwa oyilo mozama kwambiri, ndipo pamenepo musalonjeze munthu kuti payera.

Manja, maso ndi zinyalala

Tonse tinavala magolovesi a labala ndi majombo. Oyilo wakale wa injini si wabwino pakhungu, ndipo kumukhudza kawirikawiri kwa zaka kumatha kubweretsa matenda aakulu a khungu. Sopo wokhuthala chonchi m'madzi otentha amasupulanso zala. Posefa laimu ndi posesa zibenthu tinamanga nsalu kukamwa ndi kumphuno, ndipo chitseko chinali chotsegula nthawi zonse.

Zinyalala zinakwana matumba 2 a feteleza: utuchi wa oyilo ndi zibenthu za phala. Utuchi wa oyilo umayaka msanga, choncho sitinausiye m'galaja kapena pafupi ndi khitchini. Tinauika m'mgolo wachitsulo wa chivindikiro panja pamthunzi. Sitinautaye kudzala la pakhomo, chifukwa zinyalala za kumeneko zimathera kudimba ngati manyowa, ndipo sitinauwotche, chifukwa utsi wa oyilo wakale ndi woipa kuupuma. Tinakausiya ku galaja ina yokonza magalimoto imene imasonkhanitsa oyilo wakale ndi ziguduli zake. Ubwino wina wotola madzi ndi utuchi ndi umenewu: palibe madzi a oyilo amene anapita mu ngalande, ndipo pakhomopo pali chitsime chosakwana mamita 20 kuchokera pa galaja.

Patapita mwezi

Chakumapeto kwa Okutobala, dzuwa litafika pachimake ndipo malata akutenthetsa m'galaja, mayiwo anandiimbira kuti pa mng'alu padanso. Nditapita ndinapeza kamzere kakuda kotalika masentimita 15, kopyapyala, kotsata mng'aluwo. Kutentha kunafewetsa oyilo amene ali pansi mu mng'alu, ndipo anakwera. Kwina konse kunali monga tinasiyira. Tinamata kaphala kochepa pa mzerewo, muyeso womwe uja, ndipo kanatuluka kachikasu. Ndinamusiyira mnyamata uja chitini cha laimu wosefa, n'kumuonetsa kaperedwe ka njerwa, kuti dontho lililonse latsopano alikwirire tsiku lomwelo madzi asanafikepo. Mng'aluwo ukhoza kudzatulutsanso oyilo m'nyengo iliyonse yotentha, mpaka atautsegula n'kuudzaza. Alendi atsopano tinawapempha kuti aike thireyi yachitsulo ya utuchi pansi pa injini, ndipo akaona dontho ayambe ayang'anitsa shanga ya sampu ndi wochala yake, imene imayenera kusinthidwa pamene akusintha oyilo.